Mawu Oyankhira Foni pa Bizinesi Yaing'ono: Kuwalemba Papepala Koma Osamveka Ngati Mukuwerenga

Munthu akaimba foni pa bizinesi yanu, mayunitsi amene akutha ndi ake. Asanafike pa chimene waimbira, amafuna adziwe zinthu ziwiri msanga: ngati waimba malo oyenera, komanso ngati amene wayankhayo angamuthandize. "Halo" wouma sayankha chilichonse mwa ziwirizi. Woimbayo amayamba yekha kufunsa kuti, "Kodi ndi kwa telala kumeneko?" ndipo akamva phokoso la makina ndi mawu a munthu amene akuoneka kuti wasokonezedwa pa ntchito yake, mtima wofuna kusoketsa umayamba kubwerera m'mbuyo.

Malangizo awa ndawakhazika pa shopu ya telala ya anthu atatu kapena anayi, imene ili ndi foni imodzi ndipo amene ali pafupi ndi amene amayankha. Wa saluni, wa makeke kapena wa hadiweya angosintha mayina a katundu, ndondomeko yake ndi yomweyi. M'zitsanzo zonse, pamene ndalemba kuti "kwa telala" muikepo dzina la bizinesi yanu, ndipo pa "uje" muikepo dzina la woyankhayo. Mitengo imene ndatchula ndi yachitsanzo chabe.

Mfundo yanga ndi imodzi. Papepala lembanipo ziganizo zochepa zoyambira, mafunso ofunika, ndi mfundo zoona za shopu yanu. Musalembepo kucheza konse. Woyankha amamveka ngati makina pamene akuthamangira kumaliza zimene analoweza, osapereka mpata woti winayo ayankhule.

Choyamba: mverani mafoni anu kwa sabata imodzi

Musanalembe kalikonse, ikani kope pafupi ndi foni. Aliyense amene wayankha alembemo chimene woimbayo anafunsa, m'mawu a woimbayo, osawakongoletsa. Sabata ikamatha mudzaona kuti mafunso ndi omwewomwewo: kusoka chakuti ndi zingati, chovala changa chatha, muli pati kwenikweni, mumatseka nthawi yanji, ndalama nditumize pa nambala iti. Amenewa ndi amene akufunika mayankho okonzeratu. Kopelo likuthandizaninso kuona mawu amene makasitomala anu amagwiritsa ntchito. Ngati iwo amati "dipoziti," inunso nenani "dipoziti." Mukayamba kunena kuti "malipiro oyambirira" mumveka ngati mukuwerenga kalata ya ku ofesi.

Chachiwiri: moni, ndi kudikira yankho lake

Moni wa pa bizinesi ukhale ndi zinthu zitatu: malo, dzina lanu, ndi kulonjera. Zonse zithe pa mpweya umodzi.

"Zikomo, kuno ndi kwa telala, ndine uje. Mwadzuka bwanji?"

"Zikomo" wa kumayambiriroyo ali ndi ntchito. Nthawi zambiri mawu oyamba pa foni amadukira, mwina chifukwa cha netiweki, mwina chifukwa woimbayo anali asanaike foni pakhutu. Ngati pali chodukira, adukire "zikomo," dzina la shopu limveke. Amene amakonda "halo" akhoza kuyamba naye, bola asalekere pomwepo.

Mukafunsa kuti "mwadzuka bwanji," khalani chete. Apa ndi pamene moni wokonzeratu umakomera kapena kuipa. Kwathu kuno moni ndi funso lenileni, ndipo lili ndi yankho lake. Woimbayo ati, "Tadzuka bwino, kaya inu?" Inu muyankhe, "Tadzuka bwino, zikomo. Tikuthandizeni chiyani, mayi?" Amene amanena zonse mondondoza kuti, "Mwadzuka bwanji tikuthandizeni chiyani," wasonyeza kuti yankho la moniwo alibe nalo ntchito, ndipo munthu wamkulu amazimva zimenezi nthawi yomweyo ngakhale sanena. Kudikirako kumatenga masekondi awiri kapena atatu okha.

Pali ena amene amaimba ali ndi mayunitsi ochepa, ndipo moni wanu amaudumpha: "Eya, diresi langa lija latha?" Musawabwezere ku moni ayi. Atsatireni kumene akupita: "Ndikuonereni msanga. Dzina ndi ndani?" Kuumirira ndondomeko ya papepala pamene munthu akuthamanga ndi mtundu winanso wa kusamvetsera.

M'mawa ndi "mwadzuka bwanji," dzuwa likapendeka ndi "mwaswera bwanji," ndipo "muli bwanji" amagwira nthawi iliyonse. Lembani onse atatu pa khadi lomatidwa pakhoma pafupi ndi foni. Munthu amene waweramira makina kuyambira m'mawa amaiwala nthawi, n'kumadzutsa kasitomala 3 koloko masana.

Nkhani ya katchulidwe ka munthu ndi yofunika kugwirizana ngati shopu. Kwa amene simukumudziwa, "mayi" ndi "bambo" sizilakwika. "Achimwene" ndi "achemwali" ndi zabwino kwa wooneka kuti ndi wamsinkhu wanu, makamaka iye akayamba kukutchulani choncho. "Aise," "amwene," "madala" ndi "anti" zisiyeni kwa anzanu a pa msika. Ngati mawu ake sakukuuzani kuti ndi mayi kapena bambo, musalote. Nenani "inu" basi, kenako mufunse mwaulemu: "Pepani, ndikuyankhula ndi ndani?" Dzina mukalimva, lilembeni pomwepo, ndipo mulitchule kamodzi kapena kawiri m'kucheza konseko. Kulitchula pa chiganizo chilichonse kumamveka ngati munthu wofuna kukugulitsa chinthu mokakamiza.

Kasitomala wakale sayenera kulandira moni wa mlendo. Sungani nambala yake mu foni ya shopu ndi kachizindikiro, monga dzina lake ndi "chilundu chobiriwira." Akaimba, moni usinthe: "Mayi, mwaswera bwanji? Kuno ndi kwa telala, ndine uje. Chilundu chija chinakukwanani bwino?" Funso limodzi lotere limaposa ziganizo zonse zokoma zimene mungaloweze.

Woimba akayamba m'Chingerezi kapena m'Chitumbuka ndipo inu mumachidziwa, mutsatireni. Ngati simuchidziwa, nenani poyera ndipo mupatse foni mnzanu amene amachidziwa.

Chachitatu: funso la mtengo

Funso ili ndi limene limabwera kwambiri, ndipo ndi pamene mashopu ambiri amatayira makasitomala. Pali mayankho awiri oipa. Loyamba ndi lakuti, "Mungobwera tidzaone." Munthu amene ali ku Chilinde ndipo shopu yanu ili ku Area 25 sangalipire minibasi ziwiri kuti adzangomva mtengo. Lachiwiri ndi kutchula nambala imodzi msangamsanga musanadziwe sitayilo. Akadzabwera ndi chithunzi cha diresi la layining'i ndi mikanda, inu n'kukweza mtengo, iye adzati munamunamiza pa foni.

Njira yabwino ndi kufunsa mafunso atatu, kenako kutchula poyambira ndi polekezera mtengo. Mafunso ake: chovala chanji, nsalu muli nayo kale, ndipo chikufunika liti. La tsikuli ndi lofunika kuposa onse, chifukwa ndi limene limakuuzani ngati ntchitoyo mungailandire n'komwe.

Tiyeni titsatire foni imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ndi Lachinayi masana, kumayambiriro kwa Okutobala, pamene matelala amakhala atapanikizika ndi zovala za Tsiku la Anakubala la pa 15. Wayankha ndi mtsikana wothandiza pa shopu.

"Zikomo, kuno ndi kwa telala, ndine uje. Mwaswera bwanji?"

"Taswera, kaya inu?"

"Taswera bwino, zikomo. Tikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Ndimafuna ndidziwe, chilundu mumasoka zingati?"

"Chabwino, chilundu. Ndikufunseni pang'ono kuti ndikuuzeni mtengo woona. Ndi cha mwambo wanji, ndipo mukuchifuna liti?"

"Ndi cha chinkhoswe cha mng'ono wanga, Loweruka la sabata ya mawa."

"Ee, zabwino zonse, mayi. Ndiye kuti kwatsala masiku asanu ndi anayi. Chitenje muli nacho kale?"

"Ndili nacho, mamita anayi."

"Mamita anayi akwana bulauzi ndi siketi ngati sitayilo yake si yodya nsalu. Chopanda zokongoletsa zambiri timayambira K30,000. Chikakhala cha layining'i ndi manja a sitayilo chimafika K45,000. Mukatitumizira chithunzi pa WhatsApp pa nambala yomweyi, mayi akuno achiona ndipo tikuuzani mtengo weniweni lero lisanathe."

"Nanga chitha pofika Loweruka?"

"Mukabwera kudzayezetsa mawa kapena Loweruka lino, mudzachiyesa Lachitatu, n'kudzatenga Lachinayi. Tikufuna patsale tsiku limodzi loti tikonze ngati pena pathina. Mukafika Lolemba, sindingakulonjezeni, chifukwa sabata ya mawa tili ndi zovala zambiri za anakubala."

"Ndibwera mawa."

"Zikomo. Timatsegula 8 koloko. Ndilembe dzina loti ndani?"

Taonani zimene zachitika. Mwa mawu onsewa, olowezedwa ndi moni, chiganizo chakuti "ndikufunseni pang'ono kuti ndikuuzeni mtengo woona," mafunso atatu aja, ndi mitengo iwiri. Zina zonse zachokera pa zimene mayiyo wanena. Mtsikanayo wabwereza mawu akuti "chilundu" kusonyeza kuti wamva. Atamva za chinkhoswe wanena kachiganizo kamodzi kosangalala nawo, osapitirira, chifukwa mayunitsi ndi a mayiyo. Wafotokoza chifukwa chimene akufunsira mafunso, choncho mayiyo sanaone ngati akuzembedwa. Watchula masiku ndi mayina awo, osati "posachedwa" kapena "sabata ya mawa chakumapeto." Ndipo wanena poyera pamene sangalonjeze. Anthu ambiri amaganiza kuti kukoma pa foni ndi kuvomera chilichonse. Ine ndimaona kuti kasitomala amamasuka kwambiri akamva munthu amene akudziwa malire a ntchito yake.

Kuti wothandiza wanu ayankhe chonchi, ayenera kukhala ndi zinthu ziwiri pamaso pake: mndandanda wa mitengo wa mwezi uno, ndi kalendala yosonyeza kuti ntchito yatsopano ingathe liti. Popanda zimenezi, ngakhale mawu ake atakoma bwanji, azingoti, "Dikirani ndifunse."

Funso lakuti "muli pati" nalonso likonzereni yankho limodzi, loyambira pamene munthu amatsikira minibasi: dzina la siteji, mbali imene akhotere, chizindikiro chooneka patali monga chigayo, mjigo kapena tchalitchi, ndi mtundu wa chitseko chanu. Liyeseni pa munthu amene sanafikepo. Ngati wasochera, vuto ndi la malongosoledwe anu.

Chachinayi: kudikiritsa munthu, ndi pamene eni ake palibe

Musaike foni patebulo osanena kanthu, woimbayo n'kumamva mukufunsana kuti, "Kodi diresi la mayi onenepa aja lili kuti?" Foni imamva zonse. Pemphani kaye, ndipo nenani chimene mukukachita: "Ndidikireni pang'ono, mayi, ndikayang'ane m'buku." Ngati mwaona kuti zitenga kupitirira theka la mphindi, musamudyere mayunitsi: "Kuti ndisakutherereni mayunitsi, dulani, ndikuimbirani ndine pasanathe mphindi khumi." Mukatero muimbedi. Shopu ikhale ndi bandulo yoimbira ya ntchito imeneyi, apo ayi wothandiza wanu azilonjeza zimene sangakwanitse.

Eni ake akachoka, "Palibe" ndi "Achokapo" si mayankho. Nenani chonchi: "Mayi atuluka pang'ono, abwera cha m'ma 2 koloko. Ndine uje, ndimagwira nawo ntchito. Mundiuze, mwina ndikhoza kukuthandizani, apo ayi ndilemba uthenga ndipo akuimbirani akangofika." Simukuyenera kufotokoza kumene apita. Zoti ali ku chipatala kapena ku banki ndi zawo. Uthengawo ulembedwe m'buku limodzi lokhazikika, osati pa kachidutswa ka nsalu kapena pa nyuzi yodulira patani: dzina, nambala, nkhani yake, ndi nthawi imene waimba. Muwerengereni woimbayo zimene mwalemba kuti atsimikize.

Chachisanu: wokwiya

Apa m'pamene mawu okonzeratu amathandiza kwambiri, chifukwa munthu akakalipiridwa mutu umaima. Apanso m'pamene amaonongera zinthu akakhala ouma. Bambo amene suti yake sinathe, ukwati uli mawa, safuna kumva kuti, "Tikupepesa chifukwa cha zovuta zimene mwakumana nazo." Chiganizo chimenechi chilibe suti, chilibe ukwati, chilibe tsiku. Chingathe kunenedwa kwa aliyense, ndipo iye akudziwa.

Lembani ndondomeko yake, osati mawu onse. Poyamba musiyeni amalize kuyankhula, musamudule, muzingosonyeza kuti mulipo ndi "ee, bambo," "ndikumva." Kenako bwerezani vutolo m'mawu ake. Pepesani kamodzi, motchula cholakwacho. Pomaliza nenani chimene muchite ndi nthawi yake.

"Ndamva, bambo. Tinakuuzani kuti suti itha Lachitatu, lero ndi Lachisanu ndipo ukwati ndi mawa. Pepani kwambiri, talakwa ndife. Jekete latha, chatsala ndi kupinda thalauza ndi kusita. Ndikuiika pa makina pompano, ndipo pofika 4 koloko ikhala yokonzeka. Mubwera nokha, kapena tikutumizireni ndi wa kabaza, ife tilipira?"

Chifukwa chimene chachedwetsa ntchito, kaya ndi kuzima kwa magetsi kaya wosoka wina anadwala, chinenedwe pokhapokha akafunsa, ndipo chibwere pambuyo pa kupepesa. Mukayamba ndi "magetsi anazima," iye amva kuti mukudziteteza. Musanene kuti "mtima pansi" kwa munthu amene mwamulakwira, chifukwa mumakhala ngati mukumuuza kuti vuto ndi mkwiyo wake. Musakankhirenso mlandu kwa mnzanu kuti, "Amene analandira nsalu yanu si ine." Kwa kasitomala, shopu ndi imodzi.

Mwini shopu agwirizane ndi antchito ake pasadakhale za zimene angalonjeze okha: kukonza chovala chothina mwaulere, kulipira wa kabaza, kuika ntchito patsogolo pa zina. Nkhani ya kubweza ndalama kapena kulipira nsalu yoonongeka ndi ya eni ake, ndipo woyankha anene zoona: "Zimenezo sindingagamule ndine. Mayi akuimbirani isanakwane 1 koloko." Ndipo ngati woimbayo wayamba kutukwana, wantchito wanu ali ndi ufulu wonena modekha kuti, "Bambo, ndikufuna ndikuthandizeni, koma motukwanamu sitimvana. Ndidula, ndipo mayi akuimbirani." Muuzeni wantchitoyo kuti mudzaima naye akatero.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama ndi kutsanzikana

Dipoziti yambiri masiku ano imadzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo nambala yotchulidwa pakamwa imalakwika mosavuta. Mawu ake akhale awa: "Dipoziti ndi theka, K20,000. Nambala ndikutumizirani pa uthenga tikangodula, pamodzi ndi dzina limene lituluke. Musanaike nambala yanu yachinsinsi, muonetsetse kuti dzina ndi lomwelo. Ndalama ikafika ndikuyankhani kuti talandira." Kutchula dzina limene lituluke n'kofunika, makamaka ngati layini inalembetsedwa m'dzina la mwini osati la shopu.

Pakhadi pakhalenso yankho la foni ija yodziwika, ya munthu wonena kuti watumiza ndalama molakwitsa ndipo mumubwezere msanga. Woyankha asatsutsane naye, asatumize kanthu, asatchule nambala yachinsinsi kwa wina aliyense: "Pepani, ife sitibweza ndalama pa foni. Imbani ku kampani ya foni, ndi amene amakonza zimenezo." Uthenga wooneka ngati wa ndalama ukhoza kukhala wabodza. Chotsimikizira ndi kuyang'ana nokha ndalama zimene zili mu foni.

Potsanzikana, bwerezani zimene mwagwirizana m'chiganizo chimodzi, kenako thokozani: "Ndiye mawa 9 koloko, mubwere ndi chitenje ndi chithunzi chija. Zikomo kwambiri, mayi, muswere bwino." Msiyeni woimbayo adule yekha. Nthawi zambiri funso lomaliza limabwera pamene inu mwayamba kale kuchotsa foni pakhutu.

Mafoni ophonya, oflasha ndi WhatsApp

Telala ali ndi manja awiri, ndipo mafoni ena adzaphonyeka. Poimbanso musayambe ndi "Munandiimbira?" kapena "Ndani?" Woimba uja mwina waimba malo anayi ndipo sakukumbukira nambala yanu. Dzitchuleni: "Mwaswera bwanji? Kuno ndi kwa telala, ndine uje. Tapeza kuti munatiimbira, pepani tinali ndi kasitomala. Tikuthandizeni chiyani?" Amene wangoflasha muchitireni chimodzimodzi ngati ndi nthawi ya ntchito. Musamukumbutse kuti anaflasha.

Ngati mumagwiritsa ntchito WhatsApp Business, muli malo olembamo moni wodzitumiza wokha otchedwa Greeting message, amene amapita kwa munthu wokulemberani koyamba kapena amene papita masiku 14 musanalemberane. Mulinso Away message wa nthawi imene mwatseka. Uthenga wotere usanamizire kuti ndi munthu amene wayankha pompo. Unene zoona, ndipo upemphe zimene zingafulumizitse ntchito: "Zikomo potilembera kwa telala. Timayankha kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Tiuzeni chovala chimene mukufuna, tsiku limene chikufunika, ndipo tumizani chithunzi ngati chilipo. Tikuyankhani tikangotsegula." Munthu weniweni akabwera kudzayankha, ayambe ndi moni wake ndi dzina lake.

Pomaliza: khadi, kuyeserera, ndi kuzindikira pamene zalakwika

Zonsezi zikwane pa khadi limodzi, lomatidwa pakhoma pafupi ndi pamene foni imakhala. Pamwamba pakhale moni, wolembedwa wonse. Pansi pake mafunso atatu a mtengo, mitengo, malongosoledwe a njira, ndi nthawi yotsegula ndi kutseka. Zotsalazo zikhale mitu chabe, monga "wokwiya: mvera, bwereza, pepesa, tchula nthawi." Mukalemba ndime zathunthu, munthu aziwerenga, ndipo kuwerenga kumamveka pa foni: mawu amayenda pa liwiro limodzi, osakwera osatsika, ndipo woimba akamudula pakati amabwerera kukayambira pachiyambi cha chiganizo.

Mawu a pakhadi ayesedwe ndi pakamwa asanamatidwe. Chiganizo chilichonse chinenedwe mokweza, ndipo mudzifunse ngati mungachinene kwa munthu amene waima pakhomo pa shopu. "Ndife okondwa kukutumikirani" palibe amene amanena pamaso. "Fikani, tikuthandizeni" aliyense amanena. Lolani wantchito aliyense asinthe mawu pang'ono kuti agwirizane ndi lilime lake. Wina ati "tikuthandizeni chiyani," wina "tiwathandize chiyani mayi," zonse ndi zaulemu. Zosasintha ndi dzina la shopu, mitengo, masiku ndi malonjezo.

Kuyeserera kuchitike pa foni yeniyeni, osati maso ndi maso. Mmodzi atuluke panja aimbe ngati kasitomala, tsiku lina wofunsa mtengo, tsiku lina wokwiya, tsiku lina wothamanga. Mukagwirizana, jambulani mawuwo ndi foni ina kuti woyankhayo adzimvere yekha. Ambiri akadzimva amazindikira okha kuti amathamanga, kapena kuti dzina la shopu amalimeza. Chizolowezi china chaching'ono chimene chimasintha zambiri: foni ikalira, imitsani makina, chotsani mapini pakamwa, tsitsani wailesi, kenako yankhani. Kulira katatu n'kokwanira kuchita zonsezi.

Makasitomala eni ake ndi amene angakuuzeni ngati mawu anu akugwira ntchito, mukamvetsera zimene amanena moni ukangotha. Akamafunsabe kuti, "Ndi kwa telala?" ndiye kuti dzina likunenedwa mothamanga kapena likudukira. Akamakudulani pakati pa moni, ndi wautali, chotsanipo mawu. Akamati, "Halo? Halo?" ndiye kuti mukukhala chete osanena kuti mukulemba kapena mukuyang'ana m'buku. Akamafulumira kunena kuti, "Ndipatseni eni ake," kawirikawiri vuto si ulemu wa wantchito, koma kuti alibe mitengo ndi masiku oti anene. Ndipo akamaimbanso patapita mphindi zochepa kudzafunsa tsiku kapena ndalama, ndiye kuti kubwereza kwa potsanzikana kukudumphidwa.

Khadilo lilembedwe tsiku pakona, ndipo lisinthidwe nthawi iliyonse mitengo ya zipi, ulusi ndi layining'i ikakwera. Lisinthidwenso nyengo za ntchito yambiri zikamayandikira, monga Seputembala wa mayunifomu a sukulu ndi Disembala wa maukwati, chifukwa masiku amene mumalonjeza mwezi wa Febuluwale sangakwanitsidwe pa nthawi zimenezo. Khadi lakale lichotsedwe pakhoma tsiku lomwelo, kuti wina asawerengere kasitomala mtengo umene unatha.